Thumba limodzi pa sipoko imodzi

Pa msika wa Migowi mawu akuti "cholimba" amagulitsa chilichonse. Wa njinga amati ya kwa iyeyo ndi yolimba, wa mphira zomangira katundu amati zakezo n'zolimba, wa matabwa nayenso chimodzimodzi. Palibe amene akunama, koma sakunena chinthu chimodzi. Mphira mumaikoka ndi dzanja limodzi n'kutalika. Sipoko ya njinga mungaikoke mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, osaona kusintha kulikonse. Nanga zonsezi zikhala bwanji "zolimba"?

Amene mudzasankhidwe kukaphunzira uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST, chaka choyamba chomwecho adzakulandani mawu amenewa n'kukupatsani anayi m'malo mwake: sitiresi, sitireni, sitifinesi ndi sitirengithi. Amamveka ngati ana a mimba imodzi, ndipo n'chifukwa chake ophunzira ambiri amawasakaniza mpaka tsiku la mayeso. Ine ndikufuna tiwalekanitse pogwiritsa ntchito zinthu zitatu zokha zimene aliyense wa kuno ku Phalombe anazigwirapo: sipoko, mphira ya chubu ndi thabwa.

Tiyambe ndi sipoko. Ichotseni pa wilo, muimangirire pa mtanda wa denga, kumunsi kwake mukolekeko thumba la nandolo la makilogalamu 50. Thumba limeneli likukoka sipoko ndi mphamvu ya manyutoni pafupifupi 500, poti kilogalamu imodzi imakokedwa ndi dziko ndi manyutoni pafupifupi 10. Izi munazipeza kale mu Fizikisi. Funso latsopano ndi ili: kodi chitsulo cha m'kati mwa sipoko chikumva bwanji?

Manyutoni 500 paokha sakuyankha. Thumba lomwelo mutalikoleka pa chitsulo chonenepa ngati chala chachikulu, chitsulocho sichingadziwe n'komwe kuti pali katundu. Mutalikoleka pa kawaya ka m'chingwe cha wailesi, kangaduke nthawi yomweyo. Katundu ndi yemweyo, chasintha ndi kuchuluka kwa chitsulo chimene chikugawana katunduyo. Ndiye timadula sipoko m'maganizo mwathu, n'kuyang'ana kankhope kozungulira ka podulapo. Sipoko zambiri n'zonenepa mamilimita 2, choncho eriya ya kankhopeko ndi masikweya milimita 3.14. Gawani 500 ndi 3.14, mupeza pafupifupi 160. Sikweya milimita iliyonse ya chitsulocho yasenza manyutoni 160. Imeneyo ndiye sitiresi, ndipo m'mabuku mudzaiona chonchi:

σ = F / A

Nyutoni imodzi pa sikweya milimita imodzi imatchedwa megapasikali, ndipo imalembedwa MPa. Sipoko yathu ili pa 160 MPa. Mukamva "sitiresi", musamaganize za kulemera kwa katundu, muziganiza za kupanikizika kwa kachigawo kalikonse ka chinthu chimene chasenza. Zili ngati mudzi umene wauzidwa kututa njerwa 500 za sukulu: akabwera anthu 100, aliyense atenga zisanu n'kumapita akucheza, akabwera anthu atatu, kuli ntchito.

Tsopano funso lachiwiri, losiyana kotheratu: sipoko yatalika bwanji? Mwina mukuti sinatalike. Yatalika. Chilichonse chimene chasenza katundu chimasintha maonekedwe, kaya ndi mwala wa m'phiri la Michesi, kungoti maso athu saona. Sipoko ya mamilimita 300 ikasenza thumba lija imatalika ndi pafupifupi 0.24 ya milimita, ngati kuchindikala kwa mapepala awiri kapena atatu a m'kope lanu.

Koma nambala imeneyi nayonso ili ndi vuto. Mukanatenga waya wa chitsulo chomwecho wotalika kawiri, akanatalika ndi 0.48, chonsecho chitsulo chake sichikuvutika kuposa poyamba. Kuti kutalika kwa chinthu kusatisokoneze, timagawa zimene chatalika ndi utali umene chinali nawo poyamba:

ε = ΔL / L

0.24 kugawa ndi 300 ikutipatsa 0.0008. Imeneyo ndi sitireni. Ilibe yuniti, chifukwa mwagawa mamilimita ndi mamilimita. Wina akalemba "sitireni ndi 0.0008 mm" pa mayeso, wolemba chonga amadziwiratu kuti mwanayu waloweza osamva. Sitiresi imanena mmene chinthu chikukokedwera m'kati. Sitireni imanena mmene chavomerera kutamuka. China ndi funso, chinacho ndi yankho.

Izi mutha kuziona ndi maso mukasiya chitsulo n'kutenga mphira. Dulani chubu chakale cha njinga, mutenge lamba wotambalala mamilimita 20. Ndi bolopeni lembani timizere tiwiri totalikirana mamilimita 100, ndi tina tiwiri totalikirana 200. Mangirirani pa nthambi, kumunsi mukolekeko mabotolo a madzi. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye malita atatu ndi manyutoni 30. Ngati chubucho n'chochindikala milimita imodzi ndi theka, eriya ndi masikweya milimita 30, ndipo sitiresi ndi 1 MPa yokha basi. Yezaninso timizere tija. Machubu amasiyana, koma musadabwe kuona 100 uja atafika cha m'ma 150, ndipo 200 uja cha m'ma 300. Mbali ina yatalika ndi 50, ina ndi 100, koma sitireni ndi imodzi, 0.5. Kenako dulani lamba wina wotambalala theka la woyambayo, mukolekenso mabotolo omwewo. Katundu sanasinthe, koma sitiresi yawirikiza, ndipo muona mphira ikutamuka kwambiri kuposa poyamba.

Taimani kaye muyerekeze. Chitsulo pa 160 MPa chatamuka ndi 0.0008. Mphira pa 1 MPa yatamuka ndi 0.5. Kusiyana kumeneku ndiye sitifinesi: kukana kutamuka kapena kupindika. Robert Hooke wa ku Mangalande ndiye anasindikiza mu 1678 kuti ukawirikiza katundu pa sipuling'i kapena pa waya, kutalika kwake kumawirikizanso, bola usapyole malire. Ngati zili choncho, sitiresi ukaigawa ndi sitireni uzipeza nambala imodzimodzi nthawi zonse pa chinthu chimodzi. Nambala imeneyi ili ndi dzina la Thomas Young, amene analemba za iyo mu 1807, ndipo chizindikiro chake ndi E:

E = σ / ε

Ya chitsulo ndi pafupifupi 200,000 MPa. Apa ndi pamene ndinatenga 0.0008 uja: 160 kugawa ndi 200,000. Ya mtengo, motsatira mmene mitsempha yake yayendera, ili cha m'ma 10,000. Ya mphira yathu ija ndi cha m'ma 2, ngakhale mphira simvera bwino lamulo la Hooke. Ikatamuka kwambiri nambalayo imayenda.

Musafulumire kunena kuti ndiye chitsulo chapambana. Funsani wa kabaza aliyense chifukwa chake thumba pa kaliyala amamanga ndi mphira osati waya. Thumba la mpunga likamagwedezeka mumsewu wa mabampu, mpunga umakhazikika ndipo thumba limaphwa pang'ono, mwina sentimita imodzi. Waya anangotamuka ndi kachigawo ka milimita pomanga paja, ndiye thumba likangophwa pang'ono waya wakhwepa, katundu ali pansi. Mphira inatamuka ndi masentimita 20 kapena 30. Ikabwerera ndi imodzi, ikadakokabe pafupifupi ngati poyamba. Pa ntchito imeneyi kuchepa kwa sitifinesi ndiye kofunika. Wa kabaza sanalowe m'kalasi la uinjiniya, koma wasankha ngati injiniya.

Mawaya awiri ofanana kukula

Pano ndi pamene ambiri amagwa, ndiye tiyende pang'onopang'ono. Pambali pa sipoko ija kolekani waya wofewa, uja amamangira mipanda ndi zitsulo za konkire, amene mumamupinda ndi zala. Akhale wonenepa mamilimita 2 ndi wotalika 300, ndendende ngati sipoko. Mukolekeni thumba limodzi. Mukuganiza kuti atalika kwambiri ndani?

Pafupifupi aliyense amati waya wofewa. Ayi. Onse awiri atalika ndi 0.24. Zitsulo za mtundu uwu, chofewa ndi cha sipoko chomwe, E yake ndi imodzi, pafupifupi 200,000. Chotsani matumba, onse abwerera pa 300 ngati palibe chachitika.

Ikani matumba awiri pa aliyense. Sitiresi ndi 320 MPa. Sipoko italika ndi 0.48, ndipo mukachotsa katundu ibwerera mwakale. Waya wofewa wapyola malire ake, amene ali cha m'ma 250 MPa. Pamenepo chitsulo chimagonja: tizigawo ta m'kati mwake timatsetsereka pa tinzake, waya amatalika ndi mamilimita angapo oti muwaone ndi maso, ndipo mukachotsa katundu sabwereranso. Onjezani thumba lachitatu, 480 MPa: waya wofewa ayamba kuonda pamalo amodzi ngati khosi la botolo, kenako phu! waduka. Sipoko ikadali chilili. Iyo inakokedwa m'makina kudzera m'timabowo tating'ono popanda kuitenthetsa, ndipo zimenezo zimachititsa kuti tizigawo tija tivutike kutsetsereka. Sipoko yabwino imapirira cha m'ma 1,000 MPa. Chulukitsani ndi 3.14, mupeza manyutoni oposa 3,000: matumba asanu ndi limodzi, ndipo lachisanu ndi chiwiri ndilo lingaidule.

Imeneyo ndiye sitirengithi: sitiresi imene chinthu chimagonjera kapena kudukira. Mwaona kuti pali malire awiri, pogonjera ndi podukira, ndipo injiniya amaopa kwambiri oyambawo, chifukwa chitsulo chikapindika osabwerera ntchito yake yatha ngakhale sichinaduke. Mawaya athu awiri ali ndi sitifinesi yofanana, koma sitirengithi ya wina ndi kanayi ya mnzake. Sitifinesi imayankha kuti "chitamuka bwanji?" Sitirengithi imayankha kuti "chigonja liti?" Kudziwa yankho limodzi sikukuuzani linalo.

Nanga n'chifukwa chiyani waya wofewa amamveka wofewa m'manja? Chifukwa mukamamupinda ndi zala mumapyola malire ake ogonjera mosavuta, ndiye amakhala mmene mwamupindiramo. Chimene zala zanu zikumva ndi kuchepa kwa sitirengithi, koma pakamwa pamatuluka mawu onena za sitifinesi. Chilankhulo chimatipusitsa pamenepa, Chichewa ndi Chingerezi chomwe.

Mbali inayo ilinso. Choko cha aphunzitsi simungachipinde ngakhale pang'ono, koma mwana wa sitandade 1 amachithyola ndi zala ziwiri. Twayini wa asodzi a ku Chilwa amatamuka mukamukoka, koma yesani kumudula ndi manja, akuchekani zala.

Pali chinthu chimodzi chimene chiyenera kukuvutani. Ngati sipoko imodzi imanyamula matumba asanu ndi limodzi, ndipo wilo lakumbuyo lili ndi masipoko 36 kapena 40, bwanji masipoko amaduka njinga itanyamula matumba awiri okha? Poyamba dziwani kuti masipoko amakhala okokedwa kale, njinga isanakwezedwe kanthu. Ndi ntchito imene amakaniko amachita akamakunga wilo ndi kasipanala kaja. Katundu akabwera, masipoko amene ali pansi, pakati pa habu ndi nthaka, amakhwepa pang'ono, ndipo wilo likazungulira amakungikanso. Wilo la njinga zonyamula katunduzi limayenda mamita pafupifupi 2.2 likazungulira kamodzi, ndiye pa kilomita imodzi sipoko iliyonse imakhwepa ndi kukungika maulendo 450. Ulendo wa makilomita 20 ndi maulendo 9,000. Pa chaka ndi mamiliyoni.

Chitsulo chikamakokedwa ndi kusiyidwa mobwerezabwereza chonchi chimatopa, ndipo chimatha kuduka pa sitiresi yochepa kwambiri kuyerekeza ndi 1,000 uja. Kamng'alu kamayambira pamene sitiresi yaunjikana, ndipo pa sipoko malo ake ndi pa kachigongono kaja kolowa mu habu. Pitani kwa amakaniko a njinga mupemphe masipoko oduka, muona kuti ambiri adukira pomwepo, osati pakati. Muyang'anenso podukapo. Sipoko yoduka chifukwa cha kutopa siionda ngati waya wofewa uja: mbali ina ya kankhope kake imakhala yosalala, nthawi zina yadzimbiri, pamene mng'alu unkayenda pang'onopang'ono kwa miyezi, ndipo mbali yotsalayo imakhala yokhakhala ndi yowala, pamene panathyoka tsiku lomaliza. Katundu wopyola muyezo amakulitsa kukhwepa ndi kukungika kuja, n'chifukwa chake amafupikitsa moyo wa masipoko ngakhale sawadula tsiku lomwelo. Wilo mutha kulifunsa lokha: khwabulani sipoko iliyonse ndi chala ngati nsambo ya gitala. Yokungika imalira mokweza, yokhwepa imangoti phwa.

Thabwa pa mtsinje

Mpaka pano takhala tikukoka. Zinthu zambiri zimene zimatinyamula sizikokedwa, zimapindidwa, ndipo kuno nkhani imeneyi si ya m'buku. Akuluakulu amakumbukira Napolo wa mu Malichi 1991, pamene madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Inuyo munaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anakokolola midzi, misewu ndi milatho, dera la Nkhulambe n'kukhala losafikika. Milatho yambiri yotere siigwa chifukwa cha kulemera kwa magalimoto. Madzi amakumba pansi pa nsanamira zake, kapena miyala ndi mitengo zimaiwomba cham'mbali, ndipo imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Chimene chikutikhudza lero ndi zimene zimatsatira: mlatho ukapita, anthu amayala mitengo kapena matabwa kuti ana apite kusukulu ndi odwala kuchipatala. Amene akusankha thabwa lija ndiye injiniya wa tsikulo.

Tengani thabwa la paini lotambalala mamilimita 150 ndi kuchindikala 50, limene akalipentala amati sikisi bayi thu. Ligoneke chafulati pa ngalande ya mamita atatu. Pakati pake paime munthu atasenza katundu, zonse pamodzi makilogalamu 100, kapena kuti manyutoni 1,000. Kulemera kwa thabwalo tikusiye kaye.

Thabwa likamapindika, nkhope yake ya pamwamba imafupika, ikufinyidwa, ndipo ya pansi imatalika, ikukokedwa. Pakatikati pa kuchindikala kwake sipafupika kapena kutalika, ndiye mtengo wa pamenepo sukugwira ntchito kwenikweni. Pindani labala wofufutira mutalembapo timizere, muona timizere ta mbali ina tikuyandikana, ta mbali inayo tikutalikirana. Ndiye kuti sitiresi yaikulu ili pa nkhope ziwirizo, pakati pa ngalande, pansi pa mapazi a munthuyo. Mafomula ake ndi awa, pamene b ndi kutambalala, h ndi kuchindikala kuchoka pansi kufika pamwamba, L ndi kutalika kwa ngalande:

σ = 3FL / (2bh²)

δ = FL³ / (4Ebh³)

Yoyamba ikupatsani sitiresi, yachiwiri ikupatsani mmene pakati pa thabwa patsikire. Ikanimo manambala athu, E ikhale 10,000. Sitiresi ikutuluka 12 MPa, ndipo thabwa likutsika ndi mamilimita 36, ngati zala ziwiri.

Tsopano thabwa lomwelo liimikeni cham'mbali, kuti 150 akhale h ndipo 50 akhale b. Mtengo ndi womwewo, E ndi yomweyo, simunagule kanthu. Sitiresi yatsika kufika pa 4 MPa. Kutsika kwa pakati kwafika pa mamilimita 4. Onani bwino manambala awiriwa, chifukwa nkhani yonse ili pamenepa: thabwa tsopano lingasenze katundu wochuluka katatu lisanathyoke, koma kukana kwake kupindika kwakwera kasanu ndi kanayi. Sitirengithi katatu, sitifinesi ka 9. Zikanakhala chinthu chimodzi zikanakwera mofanana.

Apa mwaonanso kuti mawu akuti sitifinesi amagwira pawiri. Pali ya mtengo weniweniwo, E, imene simungaisinthe pokhapokha mutasintha mtengo. Palinso ya chinthu chimene mwapanga, imene imadalira E pamodzi ndi maonekedwe ndi kutalika. Yesani ndi rula ya pulasitiki: chafulati imapindika ndi chala chimodzi, cham'mbali imakana. N'chifukwa chake mitanda ya denga la malata amaiimika cham'mbali, ndipo malata enieniwo anawapinda mizeremizere. Lata losalala la kuchindikala komweko lingalendewere ngati nsalu. Zoona, palibe angayende pa thabwa la mamilimita 50 ngati nyani pa chingwe. Chimene amachita odziwa ndi kuimika awiri kapena atatu cham'mbali, kuwalumikiza kuti asagudubuke, n'kukhomera timatabwa tating'ono pamwamba poponda.

Choopsa kwambiri ndi kutalika kwa ngalande, ndipo madzi osefukira amachita zomwezo, amakulitsa mtsinje. Pamene panali mamita atatu pakhale asanu ndi limodzi, thabwa la kukula komweko ligone chafulati. Mu fomula yoyamba L ali yekha, ndiye sitiresi ingowirikiza kufika 24 MPa. Mu yachiwiri L wachulukitsidwa katatu, 2 × 2 × 2, ndiye kutsika kukwera ka 8: mamilimita 288, pafupifupi rula yathunthu. Apa kulemera kwa thabwalo, makilogalamu oposa 20, sikungasiyidwenso, kukuwonjezera pa zonse ziwiri.

Kodi 24 MPa ndi yambiri? Paini wouma bwino, wopanda mfundo, amapirira kuposa 50 MPa popindidwa. Koma thabwa la pa mtsinje si la mu labu. Lanyowa, ndipo mtengo wonyowa umachepa mphamvu. Lili ndi mfundo, pamene panali nthambi, ndipo pa mfundo mitsempha ya mtengo imakhota m'malo moyenda molunjika. Zonsezi zitha kudula 50 uja ndi theka kapena kuposa. Onjezani kuti munthu saima phee, amayenda, ndipo katundu wogwera pa thabwa mwadzidzidzi amatha kuwirikiza sitiresi. Mwana wodumphadumpha pakati pa ulalo akuchita masamu oopsa osadziwa. N'chifukwa chake mainjiniya salola sitiresi kuyandikira malire. Pa matabwa wamba a paini amaisunga pansi pa 10 MPa. Ndi muyezo umenewu, ngakhale 12 uja wa mamita atatu wapyola kale.

Mfundo ija ili ndi malo amene imaopsa kwambiri: pa nkhope ya pansi, pakati pa ngalande, pamene mtengo ukukokedwa kwambiri. Mng'alu umatseguka pokokedwa, pofinyidwa umatsekeka. Ngati thabwa lili ndi mfundo yaikulu mbali imodzi, mbali imeneyo iyang'ane kumwamba, kapena ikhale kufupi ndi gombe kumene kupindika n'kochepa. Chimodzimodzi pamene pasemedwa ndi nkhwangwa kapena pachekedwa ndi sowo: kabala kakang'ono pansi pa mtanda kamaunjika sitiresi ngati kachigongono ka sipoko kaja. Konkire ili ndi khalidwe lomweli koma moposa. Imapirira kufinyidwa, cha m'ma 20 kapena 25 MPa pa nyumba wamba, koma pokokedwa imang'aluka pa gawo limodzi mwa magawo khumi a nambala imeneyo. Ndiye pa bimu yodutsa pamwamba pa khomo kapena pa kalavati, zitsulo zofunika kwambiri zimakhala cha kumunsi. Mmisiri akazisiya zitakwera pakatikati pothira konkire, waziika pamalo pamene sizigwira ntchito mokwanira.

Ine ndikafika pa ulalo wachilendo, kunjenjemera kwake si chinthu choyamba chimene chimandiopsa. Ulalo wa nsungwi zatsopano umatsika ndi kugwedezeka mpaka mtima kuthamanga, chonsecho nsungwi zimapindika kwambiri zisanathyoke. Chigogo chonenepa cha bulugamu chimene chadyedwa ndi chiswe kapena chawola kumunsi chimatha kumveka nganganga pansi pa phazi, chifukwa kupindika kumadalira mtengo wonse kuchokera tsidya lino kufika tsidya lija, pamene kuthyoka kumangofuna malo amodzi ofooka. Phazi limayeza sitifinesi, siliyeza sitirengithi. Zoyenera kuyang'ana ndi zina: suzumirani kumunsi ngati kuli ming'alu yodutsa mopingasa, bayani ndi nsonga ya mpeni muone ngati ikulowa mosavuta, gogodani mumve ngati mukulira mphako, ndipo onani ngati mtengo ukubwerera munthu akatsikapo. Umene ukutsala wopindika kuposa mmene unalili asanakwere munthuyo, kapena ukulira tetete, wayamba kale kugonja, mitsempha yake ikuduka umodziumodzi.

Kupindika kwa pang'onopang'ono kwa miyezi ndi nkhani ina. Mtengo ukasenza katundu nthawi yaitali umapitiriza kutsika ngakhale katundu asawonjezeke, makamaka ngati unaikidwa uli wauwisi, ndipo ndi chifukwa chake madenga ena akale ali ndi msana ngati wa bulu. Denga lotero mwina silili pafupi kugwa, koma malata akapindika madzi amaima ndi kulowa m'mabowo a misomali, mtengo n'kuyamba kuwola. Vuto la sitifinesi lasanduka la sitirengithi.

Nayi ntchito yoti muyese ndi marula awiri ofanana musanagwire fomula. Pa ngalande ya mamita asanu ndi limodzi ija muli ndi matabwa awiri. Mutha kuwagoneka moyandikana, wowoloka n'kumaponda onse awiri. Mutha kusanjika lina pamwamba pa linzake popanda kukhoma. Mutha kuwasanjika n'kuwamata ndi kuwakhoma kwambiri moti sangatsetserekane, akhale ngati thabwa limodzi lochindikala mamilimita 100. Kapena mutha kuzika nsanamira pakati pa mtsinje, thabwa lililonse lidutse mamita atatu okha. Pa njira iliyonse pezani sitiresi ndi kutsika kwa pakati, poyerekeza ndi 24 MPa ndi mamilimita 288 aja. Njira ziwiri zoyambazo zikupatsani yankho limodzi, ndipo marula akuonetsani chifukwa chake mukayang'ana kumapeto kwake pamene mukuwapinda. Pa njira yachinayi muganizirenso chimene chidzachitikire nsanamirayo mvula ya Januwale ikadzabwera.